Pulinta ya 3D ikamatulutsa pulasitiki moperewera: kudziwa chatseka nchiyani, ndi kachitidwe ka kolodi pulu

Kapulinta kanga kanagwira ntchito chaka chathunthu ku Ulongwe osandivutitsa pa nkhani ya kutsekeka, koma nditangosamukira ku Matundo kuno ku Tete mu Okutobala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, zinayambika. Ndimapulinta timakilipu 12 ta mapulasitiki a njinga zamoto nthawi imodzi, ntchito ya maola atatu. Maleya oyamba amabwera bwinobwino osalala, kenako pakatha mphindi ngati 40 ekisitiruda, kamakina kokankha chingwe cha pulasitiki chomwe timati filamenti, imayamba kulira kuti tak tak tak, makoma a timakilipu nkumaoneka ngati siponji, ukatifinya ndi zala timangophwanyika. Ndinasintha nozulo, kachitsulo kotulukira pulasitiki, kawiri, vuto lili pompo. Ndiye ndikufuna ndikuonetseni mmene ndinadziwira chomwe chikuchitika, chifukwa kolodi pulu, komwe ndi kuzula filamenti m'nozulo itazizirako, imatsuka m'kati inde, komanso kansonga komwe mwazulako kamakuuzani matenda ake mukadziwa kukayang'ana.

Tiyambe ndi mmene hotiendi, gawo la mutu wa pulinta losungunula pulasitiki, inapangidwira, apo ayi zinazi sizimveka. Filamenti ya mamilimita 1.75 imalowa pamwamba, imadutsa m'chitsulo cha mapikomapiko chomwe timati hitisinki, kenako m'kakhosi kopyapyala, kenako m'kabuloko kotentha, nkutulukira pa nozulo yomwe bowo lake nthawi zambiri ndi mamilimita 0.4. Pulasitiki amayenera kusungunuka pansi pokha, m'kabuloko ndi m'nozulo. Pamwamba pa kakhosi filamenti iyenera kukhala yolimba ngati ndodo chifukwa ndiyo ikukankha phala lili pansilo. Ntchito ya fani yoyang'ana hitisinki ndi imeneyo basi, kuletsa kutentha kuti kusakwere.

Tsono filamenti ya mtundu wa PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, pomwe timaipulinta pa 200 kapena 210. Ku Ulongwe kumazizira, mpweya womwe fani imaponya umakhala wozizira ndithu. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, ndiye ganizirani fani ikuponya mpweya wa m'chipinda cha malata, womwe wadutsanso pamwamba pa bedi lopulintirapo lotentha 60. Malire atsala pang'ono zedi. Kutentha kukakwera m'kakhosi filamenti imafewa malo osayenera, ekisitiruda ikaikankha imafufuma nkudzadza njira yonse, ikaibweza m'mbuyo pa litirakishoni chofufumacho chimakazizirira pamwamba nkukakamira. Ndicho chomwe achingerezi amati hiti kiripu, ine ndimangoti kutentha kwakwera.

Kutsekeka kwa litsiro nkwina. Kumeneko m'nozulo muli kanthu, kaya fumbi, kaya pulasitiki wopserera, kaya zotsalira za filamenti ina yotchedwa PETG zomwe sizikusungunuka bwino pa kutentha kwa PLA, kakhala pakamwa pa bowo, pulasitiki akudutsa koma mopanikizika.

Musanamasule chilichonse

Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna sipanala, kumangofuna kuonetsetsa nthawi yomwe vuto likuyamba. Likakhala litsiro, vuto limaoneka kuyambira leya yoyamba, ndipo kaya mwazimitsa pulinta usiku wonse m'mawa mulipeza. Kwezani mutu wa pulinta m'mwamba, tenthetsani pa 210, kankhani filamenti ndi dzanja muone ulusi womwe ukutuluka. Nozulo yabwino imagwetsa ulusi molunjika pansi. Yotsekeka pang'ono ulusi umatuluka wopyapyala, umapindikira mbali imodzi, nthawi zina mpaka kupotana nkudzamatira pa nozulo pomwepo, komanso dzanja limamva kuti ndi polimba. Mukakweza kutentha ndi madigiri 10 zimachitako bwino pang'ono.

Kukakhala kukwera kwa kutentha, poyamba zonse zili bwino, vuto limabwera pakati pa ntchito, makamaka pa tinthu ting'onoting'ono tambiri pomwe mutu ukudumphadumpha ndipo filamenti ikungobwezedwa m'mbuyo kosalekeza koma ikuyenda pang'ono. Mukazula filamenti, kudula nsonga, kulowetsanso, imatuluka bwinobwino ngati palibe chinachitika, pakatha theka la ola yayambiranso. Ndipo apa mukakweza kutentha mukuthira mafuta pamoto, itsekeka msanga kuposa poyamba. Zanga zinali ndendende izi, ndipo ndinataya manozulo awiri abwinobwino.

Kulira kwa ekisitiruda komanso ufa wa filamenti pa kagiya kake kumabwera pa matenda onse awiri, ndiye musadalire chimenecho. Yang'ananinso tinthu tosavuta kaye, kuti sipulu ya filamenti sinakodwe, kamkono ka pulasitiki ka ekisitiruda sikanasweke pansi pake, komanso nozulo siyakanikiza bedi kwambiri pa leya yoyamba.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, filamenti yoyamba yomwe muzule ntchito itangolephereka musataye. Tenthetsani, finyani kamkono, zulani mwachangu osayamba mwaikankha, muiike pambali. Tiibwereranso.

Kolodi pulu yeniyeniyo

Nzeru yake ndi yoti mudzadze nozulo ndi pulasitiki wosungunuka, azizire agwire litsiro lonse, kenako mumufewetse pang'ono pokha moti asiyane ndi chitsulo koma asasungunuke, nkumuzula wathunthu ngati mukuzula chinangwa m'dothi lonyowa.

Pezani filamenti ya PLA yoyera kapena yoonekera m'kati kuti litsiro lidzaoneke, isakhale yakale yomwe imathyoka mukaipinda chifukwa idzadukira m'kati. Nayiloni kapena filamenti yotsukira ndi yabwino kuposa PLA poti siduka wamba, koma kuno kuipeza nkovuta ndipo PLA imagwira ntchito. PETG musagwiritse, imatamuka ngati chingamu komanso imamatira. Mukhalenso ndi pulaya, ena timati alikati, ndi kodulira.

Ngati pulinta yanu ndi ya bodeni, yomwe mota ili pambali nkumatumiza filamenti kudzera m'chubu choyera cha PTFE, masulani chubucho mbali ya ku ekisitiruda. Chotsani kakilipu, kanikizani kamphete ka kapula, kachitsulo kogwira chubu, sololani. Mbali ya ku hotiendi chisiyeni momwe chilili. Izi ndikunena chifukwa m'mahotiendi ambiri otchipa chubu chimatsika mpaka kukagunda nozulo, ndiye mukachichotsa nkukankha filamenti, phala limadzadza malo onse a mamilimita 4 omwe chubu chimakhala, mwadzipatsa ntchito ina. Dulani filamenti yotalika kuposa chubu ndi masentimita 30 kuti mukhale ndi pogwira. Ngati mota ili pamutu pomwepo, ingofinyani kamkono kapena masulani sipuling'i kuti kagiya kasagwire filamenti, muzikankha ndi dzanja.

Tenthetsani nozulo. Ngati mwakhala mukugwiritsa PLA yokha ikani 220. Ngati munadutsamo PETG ikani 240 kuti zotsalira zake zisungunuke, koma pa hotiendi ya chubu chofika pa nozulo musapitirire pamenepa komanso musakhalitsepo, PTFE imayamba kuwonongeka ikamayandikira 250 ndipo utsi wake si wabwino, tsegulani windo. Mutha kuchita pa sikirini ya pulinta pa Temperature kenako Nozzle, kapena ngati mwalumikiza kompyuta:

```
M84
M109 S220
```

Woyambayo amamasula mamota, wachiwiri amatenthetsa nkudikira. Ikafika, kankhani filamenti pang'onopang'ono mpaka mtundu wakale utatha ndipo woyera ukutuluka, masentimita 5 kapena 10 a filamenti amakwana. Ngati sikutuluka nkomwe, lowetsani kasingano ka mamilimita 0.3 kapena 0.35 pa bowo kuchokera pansi nozulo ili yotentha, kawiri katatu, kungosuntha chotsekacho kuti chikwere m'phala. Singano yosokera zovala ndi yonenepa, imakuza bowo la nozulo ya mkuwa, ndipo samalani zala chifukwa 220 imawotcha pompopompo.

Apa ndiye pomwe ambiri amalakwitsa. Zimitsani hita:

```
M104 S0
```

koma dzanja lisachoke pa filamenti. Pitirizani kukankha mofatsa pamene manambala akutsika, 200, 190, 180, ulusi uzituluka pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 170 kapena 160 pomwe mumva kuti yalimba siikuyendanso. Mukasiya msanga, phala limadontha lokha nkusiya mphako m'nsonga mwa nozulo, malo omwe litsiro lili enieniwo, ndiye mudzazula chinthu chosafika kunsonga nkumadabwa kuti bwanji sichikuthandiza. Pulinta musaizimitse pa switchi, fani iyenera kumazungulirabe.

Isiyeni izizire mpaka 50. Kuno masana kuchoka pa 70 kufika pa 50 imachedwa kwabasi, pirirani, kapena iyang'anitseni fani ya m'nyumba. Chotsani kaulusi kolendewera pansi pa nozulo ndi pulaya kuti kasadzakanirire pozula.

Tsopano ikani 120, dzanja lina ligwire mutu wa pulinta kuti musapinde njanji, lina ligwire filamenti ndi pulaya kapena muikulunge pa zala, maso pa sikirini. Ikamafika 80 yambani kukoka mosalekeza, mwamphamvu koma osati modzidzimutsa. Pakati pa 85 ndi 95 mumva ikuyamba kulolera kenako imasomphoka, nthawi zina ndi kaphokoso koti pho. Sololani yonse m'chubu osaima.

Ena amakoka kutentha kukutsika, ikangofika 90. Zimathekanso ndipo nzachangu, pa Marlin, pulogalamu yoyendetsa mapulinta ambiri, lamulo loti idikire mpaka itatsika ndi `M109 R90`. Ine ndimakonda yokwera ija chifukwa kunja kokha kwa pulasitiki komwe kwagunda chitsulo ndiko kumafewa, m'kati muli molimba, ndiye nsonga imabwera yathunthu.

Ikaduka nkutsalira m'kati ndiye kuti munakoka isanafewe kapena munagwedeza mwadzidzidzi, palibe chaonongeka, tenthetsaninso pa 220, kankhani ndi filamenti ina, yambiraninso ndipo ulendo uno mudikireko madigiri 5. Ikabwera itatamuka ngati ulusi wautali wopanda maonekedwe ndiye munachedwa, kokani madigiri 5 kapena 10 m'mbuyo. Manambala a pa sikirini amasiyana pulinta ndi pulinta, yanga imalolera pa 88, ya wina itha kukhala 95, mukaipeza yanu ilembeni penapake.

Kuwerenga kansonga

Pitani nako powala. Kolodi pulu yabwino imatulutsa chithunzi cha m'kati mwa nozulo, kansonga kosongoka ngati pensulo yosongoledwa, ndipo kumapeto kwenikweni kuli kamchira kakang'onong'ono, komwe ndi bowo la 0.4 lija. Kamchirako kakapanda kuoneka ndiye kuti simunafike pa bowo, bwerezani ndipo mukankhe nthawi yaitali pozizira.

Timadontho takuda kapena tofiirira ndi pulasitiki wopserera ndi fumbi. Mtundu wa filamenti yomwe munagwiritsa mwezi watha ukaoneka ndiye zotsalira zija. Dulani nsongayo, bwerezani, ndipo muzindandalika pa pepala loyera motsatana kuti muziona ngati kuda kukuchepa. Nthawi zambiri katatu kapena kanayi imabwera yoyera. Mukafika kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, nsonga yoyera koma ulusi ukupindikabe, bowo lenilenilo ndiye lawonongeka, mwina linakhula pa bedi, ingosinthani nozulo.

Pali chizindikiro china chofunika kwambiri kwa ife a chubu chofika pa nozulo. Mukaona kamphete kotukuka ngati kachipewa pamwamba pa nsonga, kawirikawiri kakuda, kapena filamenti ikukana kulowa m'chubu pozula ngati yakodwa pamalo amodzi, ndiye kuti pakati pa chubu ndi nozulo pali mpata. Phala limalowa mumpatamo, limapsa, nkumapanikiza njira. Kolodi pulu sichiza zimenezi. Tenthetsani pa 220, zulani chubu mbali ya hotiendi, muona kumapeto kwake kwada kapena kwafinyika. Dulani gawo lowonongekalo ndi lezala lakuthwa, modula mowongoka ndithu osati mopendama, ngati muli ndi kodulira machubu ndi bwino koposa. Gwirani kabuloko ndi sipanala ina osakhudza mawaya a hita ndi a kachoyezera kutentha chifukwa ndi osalimba, masulani nozulo pafupifupi kuzungulira kumodzi, kankhani chubu mpaka chigunde, tsekani kapula ndi kakilipu kake, kenako mangani nozulo ikadali yotentha kuti ifinye chubu. Ngati chubu chikuseweraseweranso mmwamba ndi pansi mukachikoka, mano a kapula atha, sinthani kapulayo apo ayi mpata ubweranso sabata yomweyo.

Tsono tengani filamenti yoyamba ija munaika pambali muifanizire. Kwa ine apa ndi pomwe zinaonekera. Kolodi pulu yoyamba inabwera ndi timadontho tiwiri tokha, yachiwiri yoyera mbee ndi kamchira kake, kusonyeza kuti nozulo inalibe mlandu. Koma filamenti yolephereka ija inali yofufuma kutalika pafupifupi masentimita atatu kuchokera kunsonga, yosalala, nditayeza ndi veniya inali 2.0 m'malo mwa 1.75, ndendende kukula kwa m'kati mwa chubu. Kufufuma pang'ono kufupi ndi nsonga nkwachibadwa chifukwa ndi pomwe imasungunukira, koma kukafika kutali choncho ndiye kuti imafewera pamwamba pomwe siyenera.

Kolodi pulu yatsuka, koma kutentha kudzakweranso

Ndinamasula chivundikiro cha mutu, masikuluwu awiri. Mapiko a fani anali ndi fumbi lomatirira lakuda, la kuno losakanikirana ndi la magalimoto opita ku Moatize, ndipo pakati pa mapiko a hitisinki panali ngati thonje la fumbi ndi tiulusi ta pulasitiki. Fani imazungulira ndithu, ukaiona ungati ili bwino, koma nditazimitsa nkuikankha ndi chala imaima nthawi yomweyo m'malo mozungulirako kaye. Njira ina yodziwira, pulinta itakhala pa 200 kwa mphindi khumi gwirani mapiko apamwamba a hitisinki mosamala, kutali ndi kabuloko. Ayenera kukhala ofunda chabe. Anga sindinathe kusiyapo chala.

Ndinatsuka hitisinki ndi mswachi wakale nkugula fani ina ya mamilimita 40. Pogula werengani mavoti pa sitika ya yakaleyo, Ender 3 mwachitsanzo imayendera 24V pomwe mapulinta ena ndi 12V. Ya 24V pa 12V imazungulira mofooka kapena osazungulira nkomwe, ya 12V pa 24V imapsa. Pomanga, mbali ya sitika iyang'ane hitisinki chifukwa mpweya umatulukira kumeneko. Mafani omwe amagulitsidwa kuti ndi osasokosa ine sindimawakhulupirira pa kutentha kwa kuno, ambiri mwa iwo amaponya mpweya wochepa. Musaisokonezenso ndi fani ya pambali yoziziritsa chomwe chikupulintidwa, imeneyo ndi ina, ndipo pa mapulinta ambiri otchipa ya hitisinki siilamulidwa ndi silaisa, pulogalamu ya pa kompyuta yokonza fayilo yoti ipulintidwe, imangoyaka pulinta ikayaka. Kasokosi ka labala ka pa kabuloko kakhalepo, kamachepetsa kutentha komwe kumawawula hitisinki kuchokera pansi.

Mu silaisa ya Cura ndinasintha zitatu. Retraction Distance inali 6.5, ndinatsitsa kufika 5, chifukwa litirakishoni yaitali imakokera phala m'mwamba mozizira. Kwa amene mota ili pamutu, pakati pa 0.5 ndi 1.5 ndi pokwanira, ndipo amene munaika kakhosi ka chitsulo chokhachokha mutsitse kwambiri kuposa mmene zinalili pa chubu, PLA imamatira pa chitsulo msanga kusiyana ndi pa PTFE. Nozulo ndinachotsa pa 215 kufika 200, bedi pa 60 kufika 50, m'chipinda chotentha chonchi PLA imagwirabe bwinobwino. Katoni yomwe ndinkavundikira pulinta poopa fumbi ndinaichotsa pa nthawi yopulinta, ndimangoibwezera ikazima, ndipo fumbi la pa filamenti ndimaligwira ndi kasiponji komwe ndinabowola nkukamanga filamenti isanalowe mu ekisitiruda. Timakilipu tija ndinayamba kupulinta tinayi tinayi m'malo mwa 12, ntchito zazitali ndimaziyamba cha m'ma 8 usiku malata atazizira.

Zizolowezi ziwiri zomwe zimabweretsa chotseka chomwechi ngakhale fani ili yatsopano. China ndi kutenthetsa pulinta nkupita kukachita zina, filamenti itangoima m'kati kwa theka la ola, imafewa mpaka pamwamba komanso ya m'nozulo imapsa. China ndi kuzimitsa pa switchi ntchito ikangotha, fani imaima pomwe kabuloko kali pa 200 ndipo kutentha konseko kulibe kolowera koma m'mwamba. Dikirani itsike pansi pa 50. Magetsi akazima pakati pa ntchito zimachitikanso chimodzimodzi, ndiye akabwera musathamangire kupitiriza, tenthetsani, zulani filamenti, dulani chofufumacho, lowetsaninso muone ulusi ukugwa molunjika. Ikakana kuzuka ngakhale pa 220 ndiye kuti chotseka chili pamwamba pomwe hita safika, zulani chubu chonse mbali ya hotiendi chibwere ndi filamenti yake, mudule kunja.

Pomaliza yesani ngati njira yatseguka ndithu. Bwezerani chubu, lowetsani filamenti, yezani mamilimita 120 kuchokera pomwe imalowera mu ekisitiruda muike chizindikiro ndi maka, tenthetsani pa 200 kenako:

```
M83
G1 E100 F100
```

Itenga mphindi imodzi. Payenera kutsala mamilimita 20 kufika pa chizindikiro, popanda kulira. Kwa ine panatsala 21. Pakatsala 30 kapena kuposa, chotsani chubu ku ekisitiruda mubwereze filamenti ikutulukira pamphepo, ikakwana 100 ndiye kuti hotiendi ikadali yopanikiza, ikaperewerabe vuto lili pa kagiya kapena pa masitepe a mota. Koma mayeso amenewa saonetsa kukwera kwa kutentha chifukwa ndi a mphindi imodzi, ndiye ine ndinabwezera dala fayilo ya timakilipu 12 ija masana dzuwa lili pamutu, nkukhala pafupi ndikumvetsera mpaka inadutsa mphindi 40 zija, ndipo maola atatu anatha ekisitiruda osalira.